Mawu Amene Zipi Anatenga Osapempha

Mwana wa mlongo wanga timamutchula Zipi. Dzinali ndinamupatsa ndine ali wamng'ono, chifukwa pakamwa pake pankakhala potseka ngati chikwama chatsopano. Ukamufunsa lero kuti wadzuka bwanji, yankho unkalilandira mawa, nalonso lodulira. Ndiye mwana ameneyu, amene akeake mawu ankawasunga ngati ndi ogula, ndi amene anadzatenga mawu a amayi ake osapempha, ndipo kunatsala pang'ono kuti ataye amayi akewo adakali moyo m'nyumba.

Amayi ake, omwe ndi achemwali anga, anali telala. Shopu yawo ndi chipinda chimodzi choyang'ana kumsewu, ndipo kumbuyo kwake ndi kumene amagona. Muli makina opalasa ndi mapazi, ena amagetsi, tebulo lodulirapo nsalu, ndi chingwe chopachikapo zovala chimene chandikola khosi kambirimbiri. Koma chimene anthu ankawadziwira achemwali ndi mawu. Akaitana kasitomala ali tsidya la msewu, mabasi ankaima poganiza kuti akuitanidwa ndi iwowo. Galasi la pazenera la shopuyo linang'aluka tsiku limene ankakalipira mtsikana amene anadula kolala mokhota. Ena amati linagendedwa ndi mwala, koma ine ndinalipo.

Atsikana ambiri anaphunzira kusoka pamenepo, ndipo lero ndi azimayi akuluakulu okhala ndi mashopu awo. Aliyense wa iwo mutamudzutsa kutulo angakuuzeni lamulo la aphunzitsi awo lokhudza siketi yotambalala, ija yodulidwa mozungulira: usapinde mpendero tsiku limene waisoka. Ipachike kaye igone, chifukwa mbali zimene nsalu yadulidwa mopingasa zimatsika zokha. Ukafulumira, siketi imadzatuluka kwina kutali kwina kufupi, mwini wake n'kumaoneka ngati akuyenda pamtsetse. Achemwali ankanena zimenezi kwa ophunzira, kwa makasitomala, ngakhale kwa ine amene sindinavalepo siketi chibadwire.

Kenako kunabwera sitiroko. Inawagwira mbali ya kumanja ndi lilime. Nzeru zonse zinatsala, makutu akuthwa ngati kale, koma mawu anapita. Ankangotulutsa kamawu kapakhosi n'kumaloza ndi dzanja lamanzere. Msewu wonse unakhala chete moti tinayamba kumva mbalame zimene sitinkadziwa kuti ziliko.

Zipi anatenga zonse: makina, makasitomala ndi odwala. M'mawa amawasambitsa, kuwaveka, kuwamwetsa tiyi ndi mankhwala, kenako n'kuwakhazika pampando kuseri kwa katani, pamene ankatha kumva makina akulira. Pa zimenezi sindingamunene. Kusoka amakudziwanso, manja ake ndi a amayi ake enieni. Vuto linali loti makasitomala ankabwera kudzasoketsa komanso kudzakalipiridwa, ndipo Zipi ankangowapatsa theka la zimene anadzera.

Ntchito itachepa, anatsegula tchanelo pa malo aja a pa intaneti amene anthu amaikapo mavidiyo. Ankamangirira foni kuchingwe cha zovala, n'kujambula manja ake akudula ndi kusoka, uku akufotokoza. Ndinaonerako imodzi. Manja ankagwira ntchito yokongola, koma mawu ankamveka ngati munthu akupepesa ali pansi pa bedi. Oonera anali ine, iyeyo, ndi munthu wina amene ndikukhulupirira kuti anangodina molakwitsa.

M'foni mwake munali mauthenga a mawu amene amayi ake ankamutumizira asanadwale. Achemwali kulemba sankakufuna, ndiye chilichonse ankachilankhula: ulusi watha, simbi waisiya yoyaka, mkazi uja wabweranso ndi nsalu yake yonunkha. Mauthengawo mukanati muwamvetsere onse, mukanameta ndevu kawiri asanathe. Zipi anapeza pulogalamu ina imene ukaipatsa mawu a munthu ojambulidwa imaphunzira kalankhulidwe kake, kenako chilichonse chimene ungalembe imachiwerenga ndi mawu a munthuyo. Anaipatsa mauthengawo. Anadzandiuza pambuyo pake kuti choyamba chimene analemba sichinali cha nsalu ayi. Analemba kuti, mwanangu wagwira bwino ntchito lero. Anamvetsera ali kubafa, chitseko chotseka. Pamenepo sindinamuseke, ngakhale kuti mwayi unalipo.

Akanalekera pomwepo bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma anaika mawuwo pa vidiyo imodzi ya kasokedwe ka zipi ya siketi, ndipo inayamba ndi moni wakuti, ndine Mayi Telala, ndasoka kuyambira inu musanabadwe. Poika vidiyo pa malo amenewa pamabwera funso. Amafunsa ngati muli mawu kapena zithunzi zopangidwa ndi kompyuta zooneka ngati zenizeni, monga kumuyankhulitsa munthu weniweni zimene sananene, kapena kuonetsa zinthu zimene sizinachitike. Ukavomera, amaika kachizindikiro kodziwitsa oonera. Zipi anayang'ana funsolo, n'kuganiza kuti anthu akaona chizindikirocho athawa. Anadina kuti ayi.

Vidiyoyo inayenda. Anthu akutali, amene sanawaonepo achemwali, anakonda mayi waukali wophunzitsa kusoka. Ndemanga zinkati, amayi awa akundikumbutsa aphunzitsi anga. Ena ankapempha kuti awakalipireko. Zipi, amene moyo wake wonse palibe anamupemphapo kuti alankhulenso, mutu unakula moti pakhomo la shopu ankalowa chammbali.

Apa ndi pamene ulesi unalowa. Kujambula manja kumafuna nsalu, kuwala ndi nthawi. Anapeza kuti pulogalamu ina ikhoza kumulembera zoti zinenedwe, ina n'kumujambulira madiresi amene sanasokedwepo ndi munthu aliyense, atavalidwa ndi akazi amene sanabadwepo. Anasiya kumangirira foni kuchingwe. Ankangosintha mtundu wa diresi ndi mutu wa vidiyo, zina zonse zomwezo: moni yemweyo, kanyimbo komweko, malangizo omwewo atangotembenuzidwa. Ankatulutsa mavidiyo ngati nkhuku yoikira mazira m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo zolembedwazo anasiya n'kuziwerenga komwe. Funso lija likabwera, chala chinkapita chokha pa ayi.

Eni malo a pa intanetiwo ali ndi njira zawo zoonera zinthu zobwerezabwereza. Mavidiyo a Zipi anasiya kuonekera kwa anthu atsopano, oonera akale nawo anatopa, ndipo kenako kunabwera uthenga wakuti tchanelo chake achichotsa pa gulu la olipidwa ndalama za mavidiyo, limene anali atangolowamo, chifukwa zimene akuika n'zongochulukitsa, zofanana, zopanda chake cha mwini tchanelo. Munthu wina akanaima n'kuganiza. Zipi anaganiza kuti mankhwala ake ndi kuchulukitsanso.

Zonsezi ine sindinkazidziwa. Ndimakhala mbali ina ya tauni, ndipo kwa achemwali ndinali nditatenga kanthawi ndisanapiteko. Tsiku lina masana ndinakumana ndi mmodzi wa ophunzira awo akale, mayi wosoka mayunifolomu a sukulu amene timamutchula Anayunifolomu. Anali ndi anzake awiri, onse atatchena, atanyamula shuga ndi sopo. Atandiona anandigwira dzanja ngati ndawina mpikisano.

"Achimwene, inu nkhani yabwino chonchi mumangokhala nayo phee? Aphunzitsi achira osatiuza?"

Ndinafunsa kuti achira liti. Anatulutsa foni. Vidiyo ina inali itakoperedwa n'kumatumizidwa m'magulu a pafoni a atelala mpaka inawapeza. Anaidina, ndipo pakati pa msewu, pafupi ndi wogulitsa matayala, ndinamva mlongo wanga akuti, ndine Mayi Telala. Ndi kupuma kwawo komwe, ndi kaukali kaja kokwera kumapeto kwa mawu.

Ine ndimadziona wochenjera. Ndinagulitsapo wailesi yakufa kwa munthu wokonza mawailesi. Koma apa misozi inatuluka pamaso pa azimayi atatu ndi matayala. Sindinafunse kuti bwanji nkhope yawo sikuoneka, kapena kuti akazi a m'zithunziwo ndi a kuti. Ndinatsogolera gululo, ndikuyenda liwiro loti njinga zamoto zinkandipatsa njira.

Tinamupeza Zipi ali pa makina amagetsi. Ataona shuga ndi sopo ndi nkhope zathu, anaimirira, nsalu n'kugwa pansi. Azimayi aja sanamuyang'ane n'komwe. Anakankha katani, n'kugwada mozungulira mpando wa achemwali, wina akuyamba nyimbo yothokoza. Ine ndinali patsogolo, ndikuti, achemwali, tandikalipiraniko pang'ono ndimve.

Achemwali anatiyang'ana mmodzimmodzi. Anatsegula pakamwa, n'kutulutsa kamawu kaja kapakhosi. Nyimbo inafera m'njira.

Anayunifolomu anaganiza kuti mwina atopa. Pofuna kuwalimbikitsa, anadinanso vidiyo ija n'kuwaikira foni pafupi ndi khutu. Ndiye tonse tinamva, m'chipinda chopapatiza chija, mawu a achemwali akulankhula eni ake ali chete. Pa foni pankaoneka mkazi wowala ngati wapakidwa mafuta a galimoto, atavala siketi yotambalala yopanda msoko ngakhale umodzi. Mawu aja anafotokoza kadulidwe, kenako anati: mukangomaliza kulumikiza, pindani mpendero nthawi yomweyo kuti musataye nthawi.

Anayunifolomu anaimitsa vidiyoyo. Anati, chamunsimunsi, kuti ichi ndi chimene amafunanso kudzafunsa, chifukwa wophunzira wake wina anatsatira zimenezi n'kuononga siketi ya kasitomala, ndipo atamukalipira anayankha kuti aphunzitsi anu omwe ndi amene anena.

Nkhope ya achemwali, mbali imene imayenda, inanjenjemera. Sanayang'ane foni. Anayang'ana kukatani, kumene Zipi anaima atagwira tepi yoyezera ndi manja awiri.

"Ndi kompyuta," anatero Zipi. "Amayi sananene. Ndinapanga ndine."

Ndakhalapo m'malo ochititsa manyazi. Buluku linanding'ambikirapo ndikutsika basi pa depoti yodzaza. Koma kugwada pamaso pa mlongo wako wosalankhula utamupempha kuti akukalipire, sindikufunira ngakhale mdani wanga. Azimayi aja anadzuka mmodzimmodzi, akukonza masiketi amene sanakwinyike. Shuga ndi sopo anazisiya patebulo chifukwa kubwerera nazo kukanaposa. Anayunifolomu potuluka anangomuuza Zipi kuti, mwana iwe, ife tinavala zovala zathu zabwino.

Madzulo a tsikulo Zipi anabweretsa tiyi. Achemwali anatembenuzira nkhope kukhoma. Anabweretsa mankhwala, iwo anakankha mbale ndi dzanja lamanzere. M'mawa mwake anakana kuti awasambitse. Chilichonse chochokera m'manja mwa Zipi sankachilandira, ndipo munthu wa sitiroko sangamadumphe mankhwala. Ndinasamukira kumeneko, n'kumagona pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, mapini akundibaya m'malo amene sindingawatchule. Mankhwala ndinkawapatsa ndine, kusambitsa kunkabwera mayi woyandikana nawo nyumba. Zipi ankaphika, n'kundipatsira mbale kuseri kwa katani ngati wakuba.

Ndinayesa nthabwala zanga zonse. Ndinawauza achemwali kuti ayamike, chifukwa ndi munthu woyamba m'banja lathu kugwira ntchito ali chigonere. Anandiyang'ana mpaka ndinapepesa.

Tsiku lina ndinakhala naye Zipi pa benchi ya makasitomala. Anandionetsa zonse, funso lija ndi uthenga wa eni malo. Tinawerenga limodzi malamulo awo, ine ndikutsatira ndi chala. Eni malowo analemba momveka kuti kuvomera sikuchititsa kuti vidiyo ibisidwe kapena isalipidwe, koma kuti amene amabisa mobwerezabwereza ndi amene angachotseredwe mavidiyo kapena kulangidwa. Zipi anawerenga mzere umenewo kawiri. Ananama kuthawa chinthu chimene kunalibe.

Anati ndiye abwerere ku mavidiyo onse akasinthe yankho likhale inde, chizindikiro chioneke, nkhani ithe.

"Chizindikirocho chiuza anthu kuti mawu ndi a kompyuta," ndinatero. "Nanga eni ake mawuwo unawafunsa?"

Anati amayi sangayankhe. Ndinamuuza kuti munthu amene wakana tiyi masiku onsewa akuyankha bwino kuposa ine ndi iye.

Analowa kuseri kwa katani, ine pambuyo. Anagwada, n'kufotokoza zonse kuyambira kubafa kuja, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati akuwazula ndi pulayala. Kenako anafunsa ngati angasiye mavidiyo abwinoko, ataikapo chizindikiro choti mawuwo ndi opangidwa. Achemwali anapukusa mutu. Anafunsa ngati afufute onse okhala ndi mawu awo. Anagwedeza mutu kuvomera, maso adakali kukhoma. Zipi anafufuta ali chogwada pomwepo, imodzi ndi imodzi, kenako anafufutanso mawu aja mu pulogalamu muja. Zinatenga nthawi yoti ine mwendo unachita dzanzi mpaka m'khutu.

Atamaliza anabweretsa tiyi. Achemwali anakananso. Analoza kushopu, n'kuloza chingwe cha zovala, n'kuloza foni, kenako pakamwa pa Zipi. Tinalotera zinthu zambiri zolakwika, ine mpaka ndinabweretsa simbi, tisanamvetse kuti akufuna vidiyo ina, yokonza bodza la mpendero lija, ndipo alankhule Zipi yemweyo.

Zipi anadula siketi yotambalala pa nsalu yotsala, anailumikiza, n'kuipachika. M'mawa mwake inali itatsika m'mbali, aliyense akanaona. Tinawanyamula achemwali ndi mpando wawo kuwaika pafupi ndi tebulo. Ine ndinapatsidwa foni, chifukwa achemwali anakana zoti imangiriridwe kuchingwe n'kuonetsa manja okha. Ankafuna nkhope.

Ulendo woyamba Zipi analankhula ngati akuuza nyerere chinsinsi. Achemwali anamenya tebulo ndi chikhatho. Wachiwiri ananena kuti panali kulakwitsa pang'ono pa mavidiyo akale. Tebulo linamenyedwanso, sizasi mpaka inadumpha. Tinabwereza mpaka mkono wanga unauma ngati nthambi, ndipo pomaliza Zipi, maso ali ofiira, anayang'ana foni n'kunena mokweza moti wodutsa pamsewu anasuzumira:

"Mawu amene munkamva pa tchanelo chino sanali a amayi anga. Ndinawapanga ndi kompyuta osawapempha, ndipo nditafunsidwa ndinakana. Madiresi aja sindinasoke, zinali zithunzi zopangidwa. Amayi anadwala sitiroko, salankhula. Za mpendero zija sananenepo, ndipo n'zabodza. Onani siketi iyi."

Anaonetsa pamene yatsika, anayeza kuchokera pansi ndi rula, n'kulemba ndi choko kuzungulira, kenako anadula n'kupinda. Achemwali anaonera vidiyo yonse mpaka kumapeto, foni ili pamwendo. Ataimaliza analoza kapu. Ndinadzuka kuti ndikatenge, koma anandibweza ndi diso, n'kuloza Zipi. Tiyiyo anali atazizira kalekale, koma anamwa yense, Zipi atagwirizira kapu.

Musaganize kuti vidiyo imeneyo inatchuka. Anthu ambiri amene ankakonda mayi waukali uja anachoka, ena atasiya mawu amene sindingawabwereze. Eni malo sanamubwezere pa gulu la olipidwa, anangoti angadzapemphenso tchanelo chikadzakhala ndi zakezake. Pano amaika vidiyo mwa apo ndi apo, manja ake, nsalu yeniyeni, mawu ake omwe aja a pansi pa bedi, ngakhale tsopano bediyo yakwerako pang'ono. Akafuna kuonetsa kasitomala maganizo a sitayilo ndi chithunzi cha kompyuta, amalemba pachithunzipo kuti ichi n'chopangidwa, sichinasokedwe. Anayunifolomu anayambanso kumuyankha moni, koma wa mawu amodzi.

Chimene sichifufutika ndi mavidiyo amene anthu anakopera m'mafoni mwawo. Amayendabe m'magulu, opanda chizindikiro, opanda tsiku. Ndiye pakapita nthawi pamabwera munthu pakhomo la shopu, nkhope ili mwee, kudzaona Mayi Telala amene achira. Mlungu wathawu kunabwera bambo wina wokalamba amene achemwali anamusokera suti ya ukwati kalekale. Anakwera mabasi awiri, atanyamula malalanje m'pepala. Ine ndinali pa benchi, ndipo ndinayamba kukonza kukhosi kuti ndimuchotsere mwana manyazi ndi kabodza kakang'ono, koti odwala agona.

Zipi anaimitsa makina. Anati, amalume khalani. Anatuluka, n'kumulandira bamboyo malalanje ndi manja awiri, anamukhazika pansi, n'kuyamba kumufotokozera kuyambira pachiyambi. Bamboyo anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja, akuyang'ana pansi ngati wolakwa ndi iyeyo. Atamva zonse anafunsa ngati angawaonebe. Zipi analowa kukafunsa eni ake, ndipo anabwerako n'kumutsegulira katani.